Za kusintha chithunzi cha pa chikwangwani cha lesitilanti yanu

Mayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi kuzizira kwayambaku. Meseji yanu ya dzulo ndaiona, yoti tizingosintha mpaka mtima wanu ukhale pansi. Ndakumvani ndithu, koma mundilole ndilongosole kaye tisanapite patali.

Pa mtengo tinagwirizana uja ndimakupatsani zithunzi 4 kuti musankhepo chimodzi, chimenecho timachisintha kawiri, kenako ndimamaliza ndekha pamanja mu Photoshop tinthu ting'onoting'ono. Kupitirira apo ndi K15,000 ulendo uliwonse.

Si kuuma mtima ayi mayi. AI, pulogalamu ya pa kompyuta imene ndimapangira zithunzizi, siijambula ngati munthu wa burashi woti mungamuuze kuti fufuta apa pokha, iyo imayambira pa timadonthomadontho topanda tanthauzo nkumatisalaza mpaka chithunzi chituluke, ndiye mukasintha mawu amodzi okha nthawi zambiri chimabadwanso china. Mwaona nokha Lolemba lija, munati mayi wonyamula mbale uja avale chitenje chobiriwira, chitenje chinabweradi koma nkhope inasintha, nsima inasanduka ngati mpunga, dzanja lina zala 6. Pali njira yozinga kachigawo kamodzi kuti isinthe pokhapo, ndimaigwiritsa ntchito, koma mukabwereza kambirimbiri pamalo amodzi kuwala kumayamba kusiyana, pamaoneka chigamba. Kusintha kwachisanu kawirikawiri kumakhala koipa kuposa kwachiwiri, zimenezi ndaziona ndi maso anga.

Chinanso, mapulogalamuwa anaphunzira pa zithunzi za pa intaneti ndipo zathu za kuno zilimo zochepa. Kondowole sakumudziwa nkomwe. Batala wa ku Nkhata Bay mukumufunayo imangotulutsa nsomba ya kunja yonyezimira, olo titayesa tsiku lonse. Ndiye apa ndikupempha mujambule mbale yanu yeniyeni pa foni, masana pafupi ndi windo, ndiiphatikizemo ndekha. Ikhala yokoma kuposa yopeka, komanso makasitomala a ku Katoto adzapeza patebulo zomwe anaona pa chikwangwani. Dzina la lesitilanti ndi mitengo ndilembanso ndekha, chifukwa pa Chichewa ndi Chitumbuka AI imasokoneza zilembo, ndipo zimenezo mukhoza kusintha kangapo konse sindiwerengera.

Ulendo umodzi kwa inu ndi chithunzi chimodzi, koma kuno ndimakhala ndatulutsa zambiri nkutaya kuti ndipeze chabwinocho, pulogalamuyo ndimalipira mu madola, kuonjezera bandulo.

Tatsala ndi ulendo umodzi, wa Lolemba uja unali woyamba. Chonde khalani pansi ndi bambo komanso mwana wanu uja amene anati mtundu wachepa, muchiyang'ane limodzi, zonse mukufuna zisinthe muzilembe mu meseji imodzi, osati lero kamodzi mawa kena. Mukanditumizira pofika Lachinayi madzulo, Loweruka ndipita nacho kokapulinta mtauni.

Zikomo kwambiri mayi,
Ine mwana wanu wa zithunzi, ku Chibavi