Kusiyirana ntchito: shifiti ya usiku kupita ku ya m'mawa, Lachitatu pa 12 Malichi 2025

Gulu loyang'anira chitetezo cha makompyuta, ofesi ya Mzuzu
Shifiti: 22:00 mpaka 06:00
Kwa: Amayi otsogolera shifiti ya m'mawa ndi anzathu onse

Mwadzuka bwanji nonse. Musanayambe china chilichonse, werengani kaye nkhani ya ku Karonga. Nthawi zonse zili m'kalata muno ndi za kwathu kuno. Pa sikirini malogi amaonetsa UTC, choncho muzichotsa maola 2 pa nthawi za m'kalata muno mukamafufuza.

INC-0412, Karonga: nkhani yaikulu, sinathe

Nthawi ya 23:41 chenjezo linabwera kuchokera pa laputopu ya KRG-LT-07, ya bambo wina wa ku maakaunti. Anapita nayo kunyumba ndipo anatsegula fayilo ya Excel yomwe inabwera pa imelo ngati invoisi ya mafuta a jenereta. Fayiloyo inadzutsa PowerShell, lamulo lake lobisidwa ndi -enc. Kuchokera pamenepo laputopu inkalumikizana ndi 203.0.113.45 pa poti 443 mphindi 5 zilizonse, osaphonya. Munthu satsegula intaneti motero, iyi ndi pulogalamu yoyipa yomwe ikudikira malamulo kwa eni ake.

Ndinaichotsa pa netiweki nthawi ya 00:05. Pasiwedi yawo ndasintha, ndipo ndawatulutsa paliponse pomwe anali atalowa. Adiresi ija ndaitseka pa fayawolo. Ndinawaimbira foni bambowo, anayankha ali ndi mantha kwambiri, koma anafotokoza zonse osabisa. Chonde muwayankhule bwino. Akadzudzulidwa lero, mawa wina akadzatsegula fayilo yotere adzangokhala chete.

Pempho langa lalikulu ndi ili: laputopuyi isazimitsidwe, ndipo isabwezedwe pa netiweki. Zomwe zili mu memore zimafufutika ikangozima, ndipo umboni wa zomwe pulogalamuyo inachita uli momwemo. Ndawauza kuti aisiye pa chaja, chivundikiro chili chotsegula, ndipo asayende nayo kufikira mutawaimbira. Ndikudziwa kuti a manejala a ku Karonga aimba ikamakwana 8 koloko kuti ntchito yaima. Abwerekeni laputopu ina ya panthambipo. Wololeza kuibweza ndi abwana a zachitetezo okha, ndipo achite kulemba mu tikiti.

Zotsala pa nkhaniyi: kukopera memore ndi disiki, ndiponso kutsatira anthu ena omwe analandira imelo yomweyo. Inapita kwa anthu 9. Ndaifufuta m'mabokosi onse, koma mayi wina wa ku Rumphi anali ataitsegula kale nthawi ya 21:15. Kompyuta yawo, RMP-PC-03, inali yozima usiku wonse, ndiye sindinathe kuiona. Muwaimbire asanayambe ntchito, ndipo ikangoyaka muiunike.

INC-0413, kuyesa kulowa pa VPN: tikuyang'anirabe

Pakati pa 01:20 ndi 02:10 wina anayesa kulowa ka 340 kuchokera pa 198.51.100.23. Sankalimbana ndi akaunti imodzi ayi, ankayesa kawiri kapena katatu pa iliyonse n'kupita pa ina, kuti akaunti isadzitseke. Zonse zomwe ndaona ndi 4625, kulephera kulowa. Palibe 4624 yochokera kumeneko. Adiresiyo ndaitseka, koma anthu otere sachedwa kusintha, ndiye muziyendetsa izi ola lililonse:

```
index=wineventlog EventCode=4625 earliest=-1h
| stats dc(user) as users by src_ip
| where users > 10
```

Chomwe chandidetsa nkhawa n'chakuti m'ndandanda wawo munali svc_backup. Dzina limeneli silipezeka pa imelo kapena pa webusaiti, ndiye analidziwa bwanji? Akauntiyi siyifunsa nambala yotsimikizira ya pafoni. Ndalembera a masevala kuti asinthe pasiwedi yake ndi kuiletsa kulowa pa VPN. Sanayankhe. Muwakumbutse isanakwane 9 koloko.

Chitipa: malogi asiya kubwera

Kuyambira 02:50 sitikulandira kanthu kuchokera ku nthambi ya Chitipa. Alonda akumeneko akuti magetsi anathima ndi mvula ndipo jenereta inakana kulira. Mwina vuto ndi lomwelo basi, koma kufikira malogi atabwerera sitikuona chilichonse kumeneko, ndiye musalembe kuti kuli bwino. Magetsi akayaka, onetsetsani kuti malogi a maola osowawo afika onse, ndipo mufufuze 1102 ndi 4720, kufufutidwa kwa malogi ndi kupangidwa kwa akaunti yatsopano.

Zomwe ndatseka

INC-0410 ya ku Nkhata Bay inali sikani yathu yomwe ya mlungu ndi mlungu. INC-0411 anali mnzathu wa ku Mzimba amene anaiwala pasiwedi, ndatsimikiza pa foni.

Kusintha kwa malamulo a fayawolo komwe kunakonzedwa 14:00 lero ndikupempha kuti kudikire mpaka nkhani ya Karonga itamveka bwino. Ndalembera abwana, chiganizo ndi chawo.

Foni ya ntchito ndaisiya pa chaja pa desiki yapakati. Yanga ikhala yoyaka mpaka 10 koloko. Ngati RMP-PC-03 yaonetsa zofanana ndi za ku Karonga, ndidzutseni ngakhale nthawiyo itadutsa.

Wotsogolera shifiti ya usiku