"Bokosi la ku Joni": silinandikome, koma alipo amene liwathandize

Bukuli silinandikome, ndipo ndinalimaliza mochita kudzikakamiza. Komabe muli mitu ina yomwe sindikufuna kuti anthu aiphonye chifukwa cha kudandaula kwanga.

Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Dedza amene akulembetsa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi, mu 1968, n'kusiya mkazi ali ndi pakati, ulendo wa ku migodi ya golide ku Joni. Akubwerabwera kumudzi kontirakiti ikatha, kenaka n'kubwereranso, kufikira 1974.

Mitu ya pakati, yonena za kumgodi, ndiyo mtima wa bukuli. Zikuoneka kuti mlembi anakhala pansi ndi madala amene anagwirako ntchitoyi, nawamvetsera bwino. Akutionetsa kupimidwa m'thupi polembetsa, ulendo wa pandege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Akutilowetsa m'chikepe chotsikira pansi, m'kutentha kwa kumeneko, m'komponi momwe amuna ankagona pa mabedi a simenti osanjikizana, akulankhulana Chifanakalo chifukwa zilankhulo zinali mbwee. Akufotokozanso bwino za ndalama zomwe ankawadula pa malipiro kuti adzalandirire kuno kumudzi. Mutu wachisanu ndi chiwiri, momwe mnyamatayu akupempha mnzake kuti amulembere kalata yopita kwa mkazi wake, n'kumachita manyazi kutchula zakukhosi pamaso pa mwamuna mnzake, ndi wolembedwa mwaluso kwambiri. Pamenepo mlembi wangokhala chete n'kuwasiya anthu ake alankhule okha.

Vuto n'lakuti kukhala chete kotereku n'kosowa m'bukuli. Pafupifupi mutu uliwonse ukuthera ndi ulaliki. Munthu akalakwa, mlembi akutulukira yekha kudzatiuza kuti walakwa, n'kuwonjezera miyambi iwiri kapena itatu yonena chinthu chimodzimodzi. Miyambi ndimaikonda, koma ndiwo zikachuluka mchere munthu umangoleka kudya. Wowerenga si mwana, angathe kuona yekha kuti kumwera mowa ndalama za feteleza n'kupusa.

Chomwe chinandiwawa koposa ndi mkazi wotsala kumudzi uja. Zaka zisanu ndi chimodzi akulima yekha, akulera ana, akulimbana ndi apongozi pa za ndalama zobwera kuchokera ku Joni, koma sitikumva chomwe akuganiza. Tikungomuona akulira, akudikira, akuliranso. Mabanja ambiri a ku Dedza ndi achikamwini, mkazi amakhala pakati pa abale ake, ali ndi malume ndi alongo oti angamuyankhulire. M'bukuli onsewa kulibe. Theka la nkhani ya machona linachitikira kumudzi, ndipo theka limenelo mlembi walisiya.

Za ngozi ya ndege ya Wenela sindiulula mmene zikukhudzira mwini nkhani. Mbiri yake njodziwika: pa 4 Epulo 1974 ndege yobwerera ku Malawi inagwa itangonyamuka ku Francistown, Amalawi 74 n'kufa, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi. Bukuli likuyenda ulendo wonse kulinga ku tsiku limeneli, koma litafikapo likungodutsa mothamanga, kenaka n'kumaliza ndi kukumana kwamwayi komwe ine sindinakukhulupirire.

Ophunzira amene akufuna kuligwiritsa ntchito pa phunziro la mbiri asamale malo awiri. M'mitu ya 1968 anthu akugula zinthu ndi makwacha, chikhalirecho kwacha inayamba mu 1971, ndipo isanabwere tinkagwiritsa ntchito mapaundi ndi masheleni. Dzina loti Theba nalonso likumveka kuyambira mutu woyamba, pomwe Wenela inasanduka TEBA mu 1977, chaka chomwe kulemba anthu kunayambiranso. Izi mkonzi akanatha kuzigwira, pamodzi ndi kalembedwe kosinthasintha ka mawu amodzimodzi, pena "m'mudzi" pena "mmudzi". Akadzalisindikizanso n'zosavuta kukonza.

Ndivomereze kuti ine ndimakonda nkhani zosiya mafunso osayankhidwa, ndiye ulaliki womwe wanditopetsawo ena aukonda. Mayi wina wa m'gulu lathu lowerenga mabuku, amene bambo ake anafa ndi chifuwa atabwerako ku mgodi, anati aka kanali koyamba kumvetsa chomwe bambo akewo sankafuna kukamba.

Ngati agogo anu anapitako ku Joni ndipo simunawafunse zambiri, liwerengeni. Aphunzitsi a Chichewa angatole mitu ya kumgodi ija n'kuwerenga ndi ana m'kalasi, chifukwa chilankhulo chake n'chosavuta. Koma amene mukufuna nkhani yokoka mtima, kapena yofotokoza moyo wa amayi otsala kumudzi, bwerekani kwa mnzanu kaye musanagule, ndipo muyambire pa mutu wachinayi kulekeza wachisanu ndi chinayi.