Yankho pa pempho lanu la msonkhano wa mawa m'mawa

Mayi,

Uthenga wanu ndaulandira cha m'ma 4:40 madzulo ano, ndipo ndauwerenga kawiri. Ndamva kuti nkhani ya bajeti ya polojekiti yakupanikizani, makamaka poti lipoti likuyenera kupita kwa otithandiza Lolemba likubwerali. Pepani kwambiri, mawa 9 koloko sinditha kupezeka. Ndaona kuti ndikuuzeni lero lomwe musanaweruke, kusiyana n'kukusiyani mukudikira mpaka m'mawa.

Ndikuonetseni mmene tsiku la mawa lilili, kuti musaganize kuti nkhani yanu ndaipeputsa. Kuyambira 8 koloko mpaka 10:30 ndili ndi owerengera mabuku aja ochokera kunja kwa bungwe lathu. Tsikuli tinagwirizana nawo mwezi watha, ndipo Lachisanu akuchoka. Ikamakwana 11 koloko tili ndi mafunso a anthu atatu ofuna ntchito ya wothandizira ku ofesi ya zachuma. Tinawaitana milungu iwiri yapitayo, ndipo mmodzi wanyamuka kale lero chifukwa akuchokera kutali. Munthu woti wakwera basi tsiku lathunthu sindingamuuze m'mawa kuti abwerenso tsiku lina. Masana ndi malipiro a antchito: ndandanda iyenera kufika ku banki isanakwane 3 koloko, ndipo ikachedwa ndi ola limodzi lokha, anzathu onse amalandira mochedwa ndi tsiku lathunthu. Ndayang'ana ngati chilipo chimene ndingasunthe. Chilichonse chimene ndingasunthe chigwera munthu wina amene anapempha nthawi yake kalekale.

Komabe nkhani yanuyi sindikufuna igone mpaka Lolemba. Ndili ndi mpata Lachinayi kuyambira 10 koloko mpaka 10:45, komanso Lachisanu kuyambira 8:30 mpaka 9:30. Mipata iwiriyi ndaisunga m'dzina lanu mpaka mawa 12 koloko masana. Mungondiuza umene wakukomerani, winawo ndiumasula. Ine ndingakonde Lachinayi, chifukwa ngati papezeka zoti tikonze, tikhala ndi tsiku ndi theka lipotilo lisanatsekedwe.

Mwinanso msonkhano wonsewo sungafunike. Mmene ndamvera uthenga wanu, funso lalikulu ndi lakuti kodi mungachotse ndalama pa gawo la maphunziro n'kuziika pa gawo la mayendedwe. Ngati funso ndi lomweli, theka la yankho ndikupatsani pompano. Mgwirizano wathu ndi otithandiza umatilola kusuntha ndalama pakati pa magawo popanda kupempha chilolezo, bola zisapitirire 10 pa 100 iliyonse ya gawo limene zikuchokeralo. Zikapitirira pamenepo, timalemba kalata n'kudikira yankho lawo tisanagwiritse ntchito ndalamazo. Ndiye munditumizire zinthu zitatu izi: kuchuluka kwa ndalama zimene mukufuna kusuntha, zimene zatsala pa gawo la maphunziro pakali pano, ndi chifukwa chake m'mizere iwiri kapena itatu. Zikandipeza mawa isanakwane 1 koloko, ndiziona pa nthawi yopuma, ndipo ndikuimbirani 1:15. Ndikhala ndi mphindi 10 zokha, zokwanira kunena kuti inde kapena ayi, koma zosakwanira kuunika bajeti yonse.

Ngati ena mwawaitana kale ndipo msonkhano wa 9 koloko uchitikabe, wachiwiri wanga angathe kukhalapo. Ndalankhula naye ndipo wavomera. Mabuku a polojekitiyi amawadziwa bwino, mwina kuposa ine pa zinthu zing'onozing'ono. Chokhacho, iye sangavomereze kusintha kwa bajeti kapena kusaina chilichonse. Chonde musamupanikize kuti apereke yankho pomwepo. Alemba zimene mwakambirana, ine ndidzayankha Lachinayi.

Tsopano pali nkhani ina imene ndakhala nayo mumtima kwa kanthawi, ndipo ndaona kuti ndi bwino muimve kwa ine mwini. Aka n'kachitatu mwezi uno kuti pempho la msonkhano lindipeze madzulo, msonkhanowo uli m'mawa mwake. Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti inunso zinthu zimakugwerani mwadzidzidzi kuchokera kumwamba, ndipo nthawi zambiri mumakhala mukuthamangira zimene ena anachedwetsa. Maulendo awiri oyambawo ndinavomera, ndipo kulakwa kunali kwanga. Ulendo wachiwiri uja mukuukumbukira. Ndinalowa m'chipinda ndili ndi fayilo imene sindinaitsegule n'komwe, munandifunsa ndalama zotsala, ine n'kutchula chiwerengero cha mwezi wa m'mbuyo. Inu munachilemba m'lipoti chifukwa munandikhulupirira. Zinatitengera masiku awiri kubweza lipoti lija n'kulikonza, ndipo amene anapepesa kwa otithandiza munali inu. Zimene zija zimandiwawabe. Tsiku lomwelo ndinali nditasuntha nthawi imene ndinalonjeza mtsikana wathu watsopano uja kuti ndimuphunzitse kayanjanitsidwe ka mabuku athu ndi a ku banki. Anandidikira ndi kope lake pa desiki mpaka nthawi yoweruka, osadandaula, ndipo mpaka lero nthawi ija sindinamubwezere.

Choncho pempho langa ndi ili. Msonkhano umene ukufuna kuti ndibwere ndi ziwerengero kapena ndipereke chilolezo, muzindidziwitsa kutatsala masiku awiri ogwira ntchito, pamodzi ndi mapepala ake. Mukatero ndizibwera nditawerenga, ndipo yankho limene ndikupatseni muzitha kuliika m'lipoti mtima uli m'malo. Kalendala yanga ndi yotsegula kwa onse a mu ofesi, ndipo pamene palibe kanthu mungathe kuikapo dzina lanu osachita kundifunsa. Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ndimasiya dala mpata wa zinthu ngati zimenezi.

Zadzidzidzi zenizeni sizidzasowa, ndipo pa zimenezo musamachite kulemba uthenga, muzingoimba foni. Kwa ine chadzidzidzi ndi chimene chikadikira mpaka mawa ndalama zitayika, munthu avutika, kapena tiphwanya mgwirizano. Zoterozo ndidzasiya chilichonse n'kubwera. Zina zonse zizidikira mpata wotsatira, umene kawirikawiri sudutsa masiku awiri.

Ndionjezereponso za madzulo, poti munafunsa ngati tingakumane tikaweruka, 9 koloko ikakanika. Ikakwana 5 koloko ndimapita kukatenga mwana, ndipo palibe wina womutenga. Nthawi imeneyi sindiyikapo msonkhano wa aliyense, ngakhale wa akuluakulu athu, ndipo iwo akudziwa. Uthenga wobwera usiku ndimauona m'mawa mwake 7:30. Mukaona kuti ndili chete, dziwani kuti uthengawo sindinauone, si kuti ndakukwiyirani ayi.

Ngati masiku awiri akuvutani chifukwa cha mmene zinthu zimafikira kwa inu, tiyeni tikambirane zimenezi Lachinayi tikamaliza za bajeti. Mwina pali malipoti amene masiku ake timawadziwa kale chaka chisanayambe, ndipo tingathe kuikiratu misonkhano yake pa kalendala kuyambira pano mpaka Disembala. Ine ndibweretsa ndandanda ya masiku amene ndikuwadziwa, inunso mubweretse yanu.

Ndidikira zinthu zitatu zija mawa isanakwane 1 koloko, komanso tsiku limene mwasankha pakati pa Lachinayi ndi Lachisanu isanakwane 12 koloko. Muweruke bwino, ndipo mupereke moni kunyumba.

Ine mnzanu pa ntchito,
Mkulu wa ofesi ya zachuma