Mafunso ndi mayankho pa za anyuwite, kwa anzathu opuma ntchito ku Dwangwa

Pamsonkhano wathu wa Loweruka nthawi inatichepera, choncho ndalemba mafunso amene anatuluka kawirikawiri pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi anyuwite n'chiyani?

Ndi pangano la inu ndi kampani ya inshulansi ya moyo, monga NICO Life kapena Old Mutual. Mumapereka ndalama zambiri kamodzi, iwo n'kulonjeza kumakulipirani mwezi uliwonse mpaka tsiku lomwalira. Tinganene kuti mukugula malipiro.

Ndalama zogulirazo zichokera kuti?

Ku thumba lanu la penshoni. Chiyambire 2011, bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Lamulo la 2023 limalola wopuma ntchito kutenga mpaka theka nthawi imodzi (kale inali 40 peresenti). Theka linalo ndi loti lizikudyetsani mwezi ndi mwezi, ndipo anyuwite ndi njira imodzi yochitira zimenezo.

Nanga mulu umodzi wa ndalama usanduka bwanji malipiro osatha?

A Phiri a ku Nkhunga anafunsa funsoli kawiri, ndipo sanalakwe. Tiyerekeze kuti muli ndi zaka 60, thumba lanu muli K20 miliyoni. Mwatenga K10 miliyoni yomalizira nyumba, ina K10 miliyoni mwagulira anyuwite. Mukanaisunga m'nyumba n'kumaigawa kwa zaka 20, yomwe ndi miyezi 240, bwenzi mukudya pafupifupi K41,700 pamwezi, kenako basi, yatha. Kampani siigoneka ndalamayo. Imaikongoza ku boma, kugula masheya ndi nyumba zochititsa lendi, ndipo phindu lake limakweza malipiro anu.

Chachiwiri n'chakuti simuli nokha. Ogula ndi ambiri. Wina adzamwalira patatha zaka zitatu, wina adzaona zidzukulutudzi. Zotsala za opita msanga ndi zimene zimalipira okhalitsa. Mwachitsanzo chabe, atakuuzani K110,000 pamwezi, K10 miliyoni yanu ikhala itabwerera yonse pa miyezi 91, zaka zosakwana 8. Mukafika zaka 85 muzilandirabe. Chimene mwagula kwenikweni ndi chimenecho: kusaopa kuti ndalama zitha inu mukadali moyo.

N'chifukwa chiyani anthu a ndalama zofanana amalandira zosiyana?

Zaka. Wopuma ali ndi zaka 50 amalandira zochepa kuposa wa zaka 65 chifukwa adzalipidwa nthawi yaitali. Chiwongoladzanja cha nthawi yogulayo ndi mtundu wa anyuwite zimasinthanso mtengo.

Ndikamwalira chaka chamawa, banja langa lipeza kanthu?

Zitengera zimene munasainira. Anyuwite ya munthu mmodzi yopanda chitsimikizo imafa nanu limodzi. Ilipo ya zaka zotsimikizika, monga 5 kapena 10: mukamwalira zakazo zisanathe, amene munawalemba amalandira mpaka zikwane. Iliponso ya awiri, imene imapitiriza kulipira mkazi kapena mwamuna wanu, nthawi zambiri gawo chabe la zomwe munkalandira. Chitetezo chilichonse chimatsitsako za pamwezi. Abambo, musakasaine nokha. Pitani ndi mayi a kunyumba akamve okha.

Nanga mitengo ikakwera?

Apa ndiye pali minga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tonse tinaona zimene zinachitikira mtengo wa feteleza ndi mulu wa usipa pamsika. Anyuwite yosasintha imayamba ndi ndalama zooneka bwino koma imakhala pomwepo, pamene yokwera chaka ndi chaka imayamba ndi zochepa. Ine ndikanakhala wa zaka 55 ndi thanzi labwino, ndikanasankha yokwerayo, ngakhale poyamba imawawa.

Ndingasinthe maganizo n'kutenganso ndalama zanga?

Kawirikawiri ayi. Mukasaina, mwasaina. Kugwe maliro, kufunike fizi, bwato liwonongeke, simungakatapeko. N'chifukwa chake za padzidzidzi muzisunge kuchokera pa theka lija mwatenga m'manja.

Palibe njira ina?

Ilipo: kusiya ndalama m'thumba n'kumatapamo mwadongosolo mwezi uliwonse. Ubwino wake, zotsala zimapita kwa banja. Kuipa kwake, zikhoza kutha inu mulipo.

Ndichite chiyani ndisanasaine?

Pemphani mitengo yolembedwa ku makampani osachepera awiri, pa ndalama ndi mtundu wofanana. Funsani ngati malipiro azikwera ndipo ndi zingati, ngati pali msonkho kapena zodulidwa, komanso kuti chikalata chotsimikiza kuti muli moyo chizitumizidwa liti. Onetsetsani kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira za inshulansi ndi penshoni. Amene mwalandira kale mapepala a mitengo mubwere nawo Loweruka likudzali 9 koloko m'mawa, tidzawerengere limodzi.