Yankho la Funso 4: Kusiyanitsa nefirotiki ndi nefiritiki

Funso: Ana awiri afika kuchipatala cha boma atatupa kumaso. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 4, watupanso mimba ndi miyendo, mkodzo wake ukuchita thovu, magazi akuthamanga pa 95/60. Wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 9 amene anali ndi mphere zotukusira mwezi watha, akukodza pang'ono mkodzo wakuda, magazi akuthamanga pa 150/100. Siyanitsani nefirotiki ndi nefiritiki potengera kutupa, zopezeka mumkodzo ndi zoyambitsa, ndipo nenani matenda a mwana aliyense. (Malikisi 20)

Yankho

Matenda onsewa amagwira tisefa ta m'impso totchedwa gilomerulo, koma tisefato timawonongeka mosiyana. Pa nefirotiki khoma la kasefa limadontha, n'kumataya puroteni wambiri, makamaka alubumini, koma kusefa kumapitirira. Pa nefiritiki kasefa kamatupa m'kati, maselo amadzazana m'timitsempha take, kusefa kumachepa ndipo maselo ofiira a magazi amatulukira mumkodzo. Kusiyana konse kwa zizindikiro kumachokera pamenepa.

Nefirotiki imadziwika ndi zinthu zinayi: puroteni woposa magalamu 3.5 mumkodzo wa maola 24 kwa wamkulu, alubumini wa m'magazi wosafika magalamu 30 pa lita, kutupa, ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Nefiritiki imadziwika ndi magazi mumkodzo, kuchepa kwa mkodzo, kuthamanga kwambiri kwa magazi ndi kukwera kwa kiriyatinini, chinyalala cha m'magazi chimene impso zimachotsa.

Kutupa

Kutupa kwa nefirotiki n'kwakukulu ndipo kumabwera pang'onopang'ono. Alubumini ndi amene amakokera madzi m'mitsempha. Akachepa, madzi amatulukira m'minofu. Impso zimasunganso mchere, kutupako n'kumangowonjezereka. Wodwala amadzuka zikope zitatupa, pofika madzulo madzi atsikira kumapazi, ndipo mukadinikiza ndi chala pamatsala dzenje. Matenda akakula madzi amadzaza m'mimba, kuzungulira mapapo ndi kumaliseche. Chofunika kukumbukira n'chakuti ngakhale thupi latupa chonchi, m'mitsempha mwenimwenimo madzi akhoza kukhala ochepa, makamaka mwa ana. N'chifukwa chake magazi nthawi zambiri amathamanga bwinobwino, ndipo mankhwala okodzetsa akaperekedwa mosasamala mwana akhoza kufooka kapena impso zake kuima.

Kutupa kwa nefiritiki n'kocheperapo, kumayamba mwadzidzidzi, ndipo kumaoneka kwambiri kumaso ndi m'mapazi. Apa alubumini sanachepe kwenikweni. Vuto n'lakuti impso zalephera kutulutsa mchere ndi madzi, choncho mitsempha yadzaza mopitirira. Magazi amathamanga kwambiri, mitsempha ya m'khosi imatukuka, madzi akhoza kulowa m'mapapo wodwala n'kumabanika, ndipo ena amamva mutu kuwawa, saona bwino kapena amakomoka. Ine ndimaopa kutupa kochepa kumeneku kuposa kwakukulu kuja, chifukwa mwana wooneka ngati sanadwale kwenikweni akhoza kumwalira usiku umodzi ngati palibe amene wamuyeza kuthamanga kwa magazi.

Mkodzo

Pa nefirotiki mkodzo umachita thovu losatha msanga. Kapepala koyezera kamaonetsa puroteni 3+ kapena 4+, magazi osapezeka kapena ochepa chabe. Pa maikulosikopu pamaoneka timadontho ta mafuta ndi makasiti a mafuta, tizidutswa toumbika ngati timachubu ta impso; maselo amakhala ochepa.

Pa nefiritiki mkodzo umakhala wochepa, wosafika mamililita 400 pa tsiku kwa wamkulu, ndipo mtundu wake umakhala ngati wa tiyi wopanda mkaka. Kapepala kamaonetsa magazi ambiri, puroteni 1+ kapena 2+, wosafika magalamu 3.5 pa tsiku. Pa maikulosikopu pamaoneka maselo ofiira opindikapindika chifukwa chofinyika podutsa pakasefa, komanso makasiti a maselo ofiira. Makasitiwa amaumbika m'timachubu ta impso, choncho akapezeka ndi umboni wakuti magazi akuchokera m'impso momwemo. Kwathu kuno mfundoyi ndi yaikulu, chifukwa ana ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ku Chilwa amakodza magazi chifukwa cha likodzo. Magazi a likodzo amakhala ofiira, amabwera kumapeto kwa kukodza, maselo ake ndi osapindika, makasiti sapezeka, ndipo mumkodzo mumaoneka mazira. Mwana akhoza kukhala ndi likodzo ndi nefiritiki nthawi imodzi, choncho mazira akapezeka mwa mwana wotupa, kufufuza sikuyenera kuthera pomwepo.

Zoyambitsa

Mwa ana a zaka 2 mpaka 6 nefirotiki kawirikawiri imabwera ndi matenda amene impso imaoneka yabwinobwino pa maikulosikopu wamba, pamene timapazi ta maselo otchedwa podosaiti tafafanizika. Ambiri mwa anawa amachira ndi puredinisoloni. Mwa akuluakulu timaganiza za zipsera za m'zigawo za tisefa tina, zimene zimapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndipo zimayenderana ndi HIV ndi jini ya APOL1. Timaganizanso za kukhuthala kwa khoma la kasefa, kumene kumabwera kokha kapena chifukwa cha hepataitisi B, chindoko, lupasi, khansa ndi mankhwala opha ululu monga aibupurofeni. Matenda a shuga a zaka zambiri ndi choyambitsa chachikulu mwa akulu. Amiloidi, puroteni wachilendo wounjikana m'ziwalo, amatsatira matenda okhalitsa monga chifuwa chachikulu, ndipo malungo obwera pa masiku atatu aliwonse amadziwikanso kuti amayambitsa nefirotiki yosamva puredinisoloni mwa ana.

Mwa ana nefiritiki imatsatira kwambiri tizilombo ta sitireputokokasi a gulu A: sabata 1 mpaka 2 pambuyo pa zilonda za pakhosi, kapena masabata 3 mpaka 6 pambuyo pa zilonda za pakhungu, kuphatikizapo mphere zokandidwa mpaka kutukusira. M'magazi puroteni wa chitetezo wotchedwa C3 amatsika n'kubwereranso mwakale pa masabata 6 mpaka 8. ASO, chizindikiro cha m'magazi chakuti thupi lalimbana ndi tizilomboti, amakwera kwambiri matenda akachokera pakhosi, pamene pa za pakhungu angathe osakwera. Matenda a impso obwera ndi puroteni wa chitetezo wotchedwa IgA amasiyana ndi amenewa pa nthawi: magazi amaoneka mumkodzo pasanathe masiku 3 chimfine chitayamba, ndipo C3 satsika. Zina ndi lupasi, matenda a mavavu a mtima oyambitsidwa ndi mabakiteriya, kutupa kwa mitsempha koyenderana ndi mapuroteni a chitetezo otchedwa ANCA, ndi chitetezo cha thupi choukira khoma la tisefa ndi la mapapo. Ziwiri zomalizazi zimatha kupha impso m'masabata ochepa. Lupasi akupezeka mbali zonse ziwiri, ndipo odwala ena amaonetsa zizindikiro za matenda onsewa pamodzi. Pamenepo kupima kachidutswa ka impso ndiko kumathetsa mkangano.

Ana awiriwa

Mnyamata wa zaka 4 ali ndi nefirotiki, mwina ya mtundu womva puredinisoloni. Ndiyeza puroteni mumkodzo, alubumini, kiriyatinini, HIV, hepataitisi B ndi malungo, ndipo ndifufuza chifuwa chachikulu ndisanayambe puredinisoloni. Akatentha thupi kapena kumva m'mimba kuwawa ndiganiza msanga za mabakiteriya m'madzi a m'mimba, popeza akutayanso mapuroteni a chitetezo. Magazi akenso akhoza kuundana m'mitsempha.

Mtsikana wa zaka 9 ali ndi nefiritiki yotsatira sitireputokokasi wa pakhungu. Iyeyu ndiye woyamba kuthandizidwa, chifukwa 150/100 ndi yoopsa pa msinkhu wake. Agonekedwe, achepetseredwe mchere ndi madzi, apatsidwe fuluzemaidi ndi mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, alandire penisilini, ndipo potaziyamu, kiriyatinini ndi kuchuluka kwa mkodzo ziyezedwe pafupipafupi. Mphere zichizidwe kwa iye ndi onse a m'nyumba mwawo. Puredinisoloni sathandiza pa matenda akewa ndipo akhoza kukweza magazi kuposa pamenepa.