Sopo ndi makandulo athu a ku Zomba: muli chiyani, ndipo musunge bwanji

Zikomo inu amene mwatigula. Kapepala aka timakaika m'katoni iliyonse yochoka pakhomo pathu kuno ku Zomba, ndipo chonde kawerengeni musanayatse kandulo kapena kunyowetsa sopo. Timapanga tili atatu, ine Nachisale, mng'ono wanga ndi mwana wanga wamkazi. Manambala onse muwaone m'munsimu tinachita kuyeza tokha, sopo pasikelo ya kukhitchini, makandulo poyang'ana wotchi.

SOPO

Sopo wathu yense amachokera pa mafuta anayi. Pa magalamu 100 alionse a mafuta, 40 ndi mawese ochokera ku Karonga, 30 ndi mafuta a kokonati, 25 ndi a mpendadzuwa, ndipo 5 ndi a nsatsi. Mawese ndi amene amalimbitsa sopo kuti asathe msanga, kokonati amatulutsa thovu, mpendadzuwa amafewetsa, pomwe nsatsi imagwira thovulo kuti lisaphwe nthawi yomweyo. Mulibe mafuta a nyama ya mtundu uliwonse, mulibenso a mtedza. Izi tikuzinena poyera chifukwa abale athu achisilamu a ku Machinga ndi ku Mangochi amafunsa kawirikawiri, komanso alipo ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza.

Funso lina limene limabwera ndi lakuti, kodi mumathira kositiki soda? Inde timathira, ndipo popanda iyeyo mafuta angokhala mafuta basi. Sodayo timamusungunula m'madzi, n'kusakaniza ndi mafuta mpaka zitakhuthala ngati phala la mwana. Akakumana ndi mafuta amasandulika, zonse pamodzi n'kukhala sopo ndi gilisarini. Timathira mafuta opyolako pang'ono muyeso wa soda kuti pasatsale soda woyabwa pakhungu. Tikatsanulira m'chikombole timadikira masiku 2, n'kudula, kenako timayala pathandala mumthunzi kwa masabata 6. Podula chidutswa chimalemera magalamu pafupifupi 115. Pofika tsiku lokulunga madzi amakhala atauluka, chimatsala cha magalamu 100, ndipo ndiwo talemba pachikutocho. Popeza timadula ndi waya pamanja, china chimapyola ndi magalamu 3 kapena 4. Chochepera 100 sitigulitsa, timasambira tokha.

Sopo wathu alipo wa mitundu itatu. Wa cham'mwamba ndi udzu wa mandimu, magalamu 100. Muli ufa wa masamba a cham'mwamba oumitsidwa mumthunzi, ndi mafuta onunkhira a udzu wa mandimu, uja ena amathira mu tiyi. Fungo lake ndi la ndimu longothyola kumene, limamveka kwambiri madzi akakhala ofunda. Akamachoka m'chikombole amakhala wobiriwira, koma pakapita miyezi amayamba kuderako, kukhala ngati tsamba louma. Ndi mmene masamba amachitira akakumana ndi soda ndi kuwala, sopoyo sanawonongeke.

Wa uchi ndi gaga, magalamu 100. Uyu ndiye ndimamukonda ine. Sitithiramo fungo lililonse, kotero amangomveka kafungo kakutali ka uchi wopsererako pang'ono. Gagayo ndi wa chimanga, timamusefa kawiri kuti atsale wosalala, wongokhula pang'ono m'zigongono ndi m'zidendene. Ngati mafuta onunkhira amakuyetsemulitsani kapena kukutulutsani tiziphuphu, yambani ndi ameneyu.

Wa makala ndi bulugamu, magalamu 100. Ndi wakuda bii, ndipo thovu lake limatuluka lotuwa. Amanunkhira masamba a bulugamu, fungo lozizira lofika mpaka m'mphuno. Amakondedwa ndi anthu ogwira ntchito ya thukuta, akabaza ndi amakanika. Thaulo loyera amalisiyira madontho otuwa amene amachoka pochapa. Sitimulimbikitsa pa ana aang'ono, chifukwa mafuta a bulugamu ndi amphamvu.

Sopoyu ndi wosambira, si mankhwala. Ngati muli ndi zipere, mphere kapena bala losapola, pitani kuchipatala. Koyamba pakani pang'ono mkati mwa dzanja, mutsuke, mudikire tsiku. Pakafiira kapena kuyabwa, musapitirize. M'maso amawawa ngati sopo wina aliyense, mukatero tsukani ndi madzi ambiri.

Tsopano nkhani ya kasungidwe, imene anthu ambiri amaiphonya. Sopo wopanga pamanja amakhala ndi gilisarini wake yense, ndipo gilisarini amakoka chinyezi. Mukamusiya m'beseni momwe mwatsala madzi, m'mawa mumupeza atafewa ngati nsima ya mgaiwa, theka lapita. Muikeni pa kambale kobooka pansi, kapena pa chinkhupule chouma, kuti madzi azidontha. Njira ina ndi kudula chidutswa pakati, theka kubafa, theka m'kabati. Kwathu munthu mmodzi wosamba kawiri patsiku amatha naye masabata 4 akamamusunga pouma.

Amene simunayambe kugwiritsa ntchito asiyeni m'pepala lake lomwelo. M'jumbo ya pulasitiki amachita thukuta, makamaka nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mukaona timadontho pamwamba pake ingopukutani ndi kansalu. Pakati pa zovala m'sutikesi ndi malo abwino, zovalazo zimatengerako fungo. Koma samalani makoswe. Chaka chatha tinasiya katoni ya sopo wa uchi pansi m'chipinda chosungiramo chimanga, ndipo patatha masiku 3 tinapeza zidutswa 11 zitatafunidwa m'makona, mano akuoneka bwinobwino. Kuyambira pamenepo wouma kale timamusunga m'chitini chachikulu chimene chivindikiro chake tinachiboola timabowo ting'onoting'ono ta mpweya. Mugwiritseni ntchito chaka chisanathe kuchokera tsiku lolembedwa kuseri kwa chikuto. Akapitirira, fungo limathawa, ndipo nthawi zina pamatuluka madontho achikasu onunkha mafuta akale.

MAKANDULO

Phula lathu ndi la njuchi, timagula kwa alimi a njuchi a m'tsinde mwa phiri la Zomba akamaliza kufinya uchi. Timalisungunula m'poto woikidwa m'madzi otentha, n'kulisefa pansalu kawiri kuchotsa timapiko ndi zinyalala za mumng'oma. N'chifukwa chake mtundu wake susiyana ndi wa zisa: ulendo wina limabwera lachikasu chowala, ulendo wina loderako. Utoto sitithira. Chingwe chake ndi cha thonje, mulibe waya mkati.

Kandulo wamtali wa patebulo amalemera magalamu 55, kutalika masentimita 20, kunenepa masentimita 2. Ndi phula la njuchi lokhalokha, amanunkhira uchi pang'ono, ndipo amayaka maola 8. Amafuna choikapo cholimba chomugwira kuti aime chilili. Timagulitsa awiriawiri.

Kandulo wonenepa woima yekha amalemera magalamu 300, kutalika masentimita 11, kunenepa masentimita 6. Nayenso ndi phula lokhalokha. Amayaka maola 50 mpaka 55. Uyu ndi wa masiku amene magetsi athima kuyambira madzulo, ana akufuna kulemba ntchito ya kusukulu. Muikeni pa mbale yadothi kapena yachitsulo.

Kandulo wa m'chitini ali ndi magalamu 120, osawerengera chitini: phula la njuchi 90, mafuta a kokonati 25, ndi mafuta a udzu wa mandimu 5. Amayaka maola 22 mpaka 25, ndipo fungo limadzaza chipinda chogona pakatha mphindi ngati 20. Ena amamugula pofuna kuthamangitsa udzudzu. Kunena zoona, kandulo sangakutetezeni ku malungo. Muzimitseni, mugone m'neti.

Maola amenewa tinawapeza motere: pa gulu lililonse timatengapo makandulo 2, kuwayatsa m'chipinda chopanda mphepo maola 3 kapena 4 pa ulendo, kuzimitsa, kudikira kuti azizire, n'kulemba m'kope mpaka atatha. Mukayatsa pawindo nthawi ya mwera mu Juni kapena Julayi, lawi limapendama, phula limayenderera mbali imodzi, ndipo kandulo wa maola 8 angathe m'maola 5. Chingwe chotalika chimachitanso chimodzimodzi, n'kuwonjezera mwaye. Musanayatse, chiduleni ndi sizasi chitsale theka la sentimita. Lawi labwino limaima njo, losavina, lopanda utsi.

Ulendo woyamba ndi wofunika kwa wonenepa ndi wa m'chitini. Asiyeni ayake maola 2 kapena 3, mpaka phula losungunuka litayandikira m'mphepete. Mukazimitsa pakatha mphindi 15, lawi limakumba dzenje pakati, ndipo masiku otsatira limangotsika m'dzenje momwemo kusiya phula lambiri m'mbali. Musapyolenso maola 4 pa ulendo umodzi. Wa m'chitini mumuleke phula likatsala sentimita 1 pansi, chifukwa chitini chimatentha mpaka kuwaula tebulo. Chikayaka musachinyamule.

Apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Nyumba zambiri zimene timamva kuti zapsa usiku, chiyambi chake chimakhala kandulo womatidwa pa mpando kapena pa wailesi, munthu n'kugona. Musamate kandulo pa thabwa kapena pa pulasitiki ndi madontho a phula lake. Akhale patali ndi neti, makatani, mabuku, matiresi, botolo la parafini kapena petulo, ndipo ngati denga ndi la udzu akhale pansi patebulo, osati pamwamba pa kabati. Mukayatsa angapo, atalikirane masentimita 10. Mwana wokwawa, mphaka ndi nkhuku zolowa m'nyumba zisamufikire. Mukamatuluka, ngakhale kungopita kukatunga madzi pampopi, zimitsani. Tulo tikayamba kukubani, zimitsani. Pozimitsa vindikirani ndi kapu yachitsulo, kapena uzirani pang'onopang'ono mutatchinga ndi dzanja kuseri. Madzi ayi, chifukwa akagwera m'phula lotentha amathetheka n'kulimwaza.

Phula la njuchi limasungunuka kutentha kukafika madigiri 62 mpaka 64, koma limayamba kufewa kutali lisanafike pamenepo. Mayi wina anagula aatali 6 mu Okutobala, n'kuwasiya kutsogolo kwa galimoto paulendo wa ku Nsanje. Anafika atapindika ngati nthochi. Sungani makandulo m'kabati mozizira, kutali ndi windo, mbaula ndi malata a denga. Aatali agone chogona, okulungidwa m'pepala lawo. Wa m'chitini akhale wotseka kuti fungo lisauluke ndi fumbi lisalowe, ndipo mumuyatse chaka chisanathe. Enawo sawonongeka ngakhale patapita zaka. Nyengo yozizira amachita kaufa koyera pamwamba, kamene ndi chibadwa cha phula la njuchi. Pukutani ndi kansalu kofewa, kuwala kwake kubwerera. Makoswe amadyanso phula, choncho machesi ndi makandulo zikhale m'chitini chotseka, pamwamba pomwe ana safika.

Zitini zotha ndi tizidutswa ta phula totsala musataye. Tibweretsereni Loweruka mukamadzatenga oda yanu, timasungunulanso, ndipo pa zitini 5 zilizonse timakupatsani sopo mmodzi wa uchi ndi gaga.

Ndine wanu,
Nachisale