Kwa ophunzira a kalasi ya mapulogalamu: za jenereta ya nambala zamwayi yomwe inatigawa m'magulu Lachiwiri

Lachiwiri lija nonse munaseka pamene pulogalamu ya mnzanu inkagawa kalasi m'magulu awiri. Dzina loyamba linapita ku gulu B, lachiwiri ku A, lachitatu ku B, lachinayi ku A, mpaka mayina onse 38 anatha mosaphonya. Ena munati mnzanuyo anakonzeratu kuti akhale ndi anzake. Sanabere ayi. Ndawerenga zomwe analemba ndipo palibe pomwe analakwitsa. Vuto lili mu njira yomwe anasankha yopangira nambala zamwayi, yomwe m'mabuku mwanu imatchedwa LCG.

Lamulo lake ndi ili:

```
x = (a * x + c) % m
```

Mumatenga nambala yomwe muli nayo, n'kuichulukitsa ndi a, n'kuphatikiza c, kenako n'kugawa ndi m. Chotsala pa kugawako ndiyo nambala yanu yatsopano, ndipo ndi yomweyonso yomwe mubwezere m'lamulomo ulendo wotsatira. Nambala yoyambira timaitcha mbewu. D. H. Lehmer ndiye anabweretsa njirayi mu 1949, makompyuta ali ochedwa kwambiri ndiponso opanda malo okwanira osungiramo zinthu, ndipo mukaiona mumvetsa chifukwa chake inakondedwa. Kompyuta imangochulukitsa kamodzi, kuphatikiza kamodzi, n'kukumbukira nambala imodzi yokha. Ngati m ndi 2 wodzichulukitsa kangapo, monga 2^31 kapena 2^32, ngakhale kugawa kuja kumasanduka ntchito yopepuka: makina amangotaya mabiti akumanzere, basi. Palinso ubwino wina woti mbewu ikakhala yomweyo nambala zimatuluka zomwezo, choncho pulogalamu ikakuvutani lero, mawa mutha kuibwereza ndendende n'kupeza pomwe padwala.

Tsono tiyeni tiione pafupi ndi nambala zing'onozing'ono zoti muwerengere pamanja. Titenge a = 5, c = 3, m = 16, mbewu 7. Poyamba, 5 kuchulukitsa ndi 7 ndi 35, kuphatikiza 3 ndi 38, kugawa ndi 16 chotsala ndi 6. Mukapitiriza mupeza izi:

```
7 6 1 8 11 10 5 12 15 14 9 0 3 2 13 4 7
```

Poyang'ana koyamba zikuoneka zosakanizika bwino. Nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 15 yatuluka kamodzi tisanabwerere pa 7, ndipo apa ndi pomwe LCG ingafike patali kwambiri: singadutse nambala zoposa m isanayambe kubwereza. Koma taonaninso. 7 sagawika ndi 2, 6 amagawika, 1 sagawika, 8 amagawika. Kusinthana kumeneku sikuphonya mpaka kumapeto. Mnzanu uja analemba `x % 2` posankha gulu, ndiye anafunsa jenereta funso lomwe yankho lake limangosinthana mosalekeza. Gawani nambala zomwezo ndi 4 muone zotsala: 3, 2, 1, 0, 3, 2, 1, 0.

Musaganize kuti izi zachitika chifukwa m wathu ndi wamng'ono. Mnzanu anagwiritsa ntchito a = 1103515245, c = 12345 ndi m = 2^31, nambala zodziwika bwino kwa olemba mapulogalamu a C, koma matenda ndi omwewo. Pochulukitsa ndi pophatikiza, zosungira zimapita kumanzere kokha, sizibwerera kumanja. Biti yakumapeto kwenikweni simva chilichonse cha zomwe zikuchitika kumanzere kwake, choncho imangozungulira payokha pa masitepe awiri. Mabiti awiri akumapeto amazungulira pa masitepe anayi, atatu pa asanu ndi atatu. N'chifukwa chake chitsanzo cha `rand()` chomwe chili mu muyezo wa C chimayamba chagawa nambalayo ndi 65536, kutaya mabiti 16 akumanja, chisanapereke yankho.

Mnzanu akanatenga mabiti akumanzere, magulu akanaoneka osakanizika ndipo palibe akanaseka. Koma chofooka chachiwiri chikanakhalapobe, ndipo ichi ndi chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa choyamba chija. Zonse zomwe jenereta ikudziwa zili mu nambala imodzi ija. Munthu akaiona, waona mtima wonse wa jenereta. Ngakhale mubise a ndi c, nambala zitatu zotsatizana zimatha kumukwanira ngati akudziwa m. Tengani 7, 6, 1. Kuchoka pa 7 kupita pa 6 kusiyana ndi -1, kuchoka pa 6 kupita pa 1 kusiyana ndi -5. Pochotsera, c amafafanizika, kutsala kuti kusiyana kwachiwiri ndi kusiyana koyamba kochulukitsidwa ndi a. Ndiye a = 5. Mukabwezera, 6 kuchotsera 35 ndi -29, kuphatikiza 32, yemwe ndi m kawiri, ndi 3, c uja wapezeka. Zatha pamenepo, wayamba kukuuzani nambala yotsatira musanaitulutse.

Enanu munena kuti `java.util.Random` imabisa zina. N'zoona: imasunga mabiti 48, ndi a = 25214903917 ndi c = 11, ndipo `nextInt()` imangoonetsa mabiti 32 akumanzere. Obisika ndi 16, kutanthauza njira 65536 zokha zoyesera. Munthu amene waona mayankho awiri otsatizana amayesa njira zonsezo n'kusunga yomwe ikugwirizana ndi yankho lachiwiri. Foni yanu ingamalize zimenezi musanaphethire.

Chofooka chachitatu sichioneka mukamawerenga nambala imodziimodzi. Chimaoneka mukazitenga ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu n'kuzijambula ngati madontho. George Marsaglia anasonyeza mu 1968 kuti madontho a majenereta a mtunduwu samwazika paliponse, amandanda m'magulu afulati ngati matabwa osanjidwa motalikirana, pakati pake popanda kanthu. Jenereta yabwino imakhala ndi matabwa ambiri oyandikana kwambiri. RANDU, yomwe kampani ya IBM inkapereka pa makompyuta ake m'zaka za m'ma 1960, inali ndi 15 okha mukatenga nambala zake zitatuzitatu. Inkagwiritsa ntchito a = 65539, c = 0, m = 2^31. Nambala 65539 ndi 2^16 kuphatikiza 3, yosavuta kwa makina poichulukitsa, koma chifukwa cha kapangidwe komweko nambala iliyonse yachitatu imachokera pa ziwiri zam'mbuyo mwake motere:

```
x2 = (6 * x1 - 9 * x0) % 2**31
```

Yesani ndi mbewu 1. RANDU imapereka 65539, kenako 393225, kenako 1769499. Chulukitsani 393225 ndi 6, muchotsere 65539 wochulukitsidwa ndi 9, muone ngati simupeza 1769499. Anthu ofufuza anagwiritsa ntchito jenereta imeneyi kwa zaka zambiri poyerekezera zinthu zochitika mwamwayi, osadziwa kuti madontho awo akugwera pa matabwa 15.

Ine sindiletsa LCG m'kalasi muno. Pa kasewero koti mtambo uyende uku kapena uko, kapena pa kachipangizo kopanda mphamvu zambiri, ikwanira. Koma ndisaione pa pasiwedi, pa nambala yotsimikizira yotumizidwa pafoni, kapena pa maere omwe pali ndalama. Kumeneko gwiritsani ntchito `secrets` mu Python kapena `SecureRandom` mu Java. Musathawirenso ku `random` ya Python poganiza kuti mwapulumuka: si LCG, koma munthu akaona mayankho ake athunthu 624 amathanso kulosera otsatira.

Ntchito ya Lachiwiri likubwerali: lembani LCG ya m = 256, a = 21, c = 7, mujambule madontho a nambala ziwiriziwiri zotsatizana, mubweretse chithunzicho. Kenako patsani mnzanu nambala zitatu zokha zotsatizana, osamuuza mbewu, akuuzeni yachinayi.